Mizere iwiri, kenako msambo

Amayi ena kuno ku Mzuzu amatifunsa kuti: "Nditayeza mkodzo mizere inatuluka iwiri, koma msambo wabwera pa tsiku lake. Kodi kachipangizo kananama?"

Kawirikawiri sikakhala kuti kanama. Mimba inayambadi, thupi n'kutulutsa mahomoni amene kachipangizoko kamazindikira, koma inaleka kukula masabata 5 asanakwane. Nthawi zambiri kamwanako kamakhala kuti sikanaumbike bwino kuyambira pachiyambi. Si chifukwa cha kulima, kusenza madzi kapena kulodzedwa, ndipo ambiri amadzatenganso pathupi bwinobwino.

Timalangiza kuyezanso pakatha sabata. Mzere ukatuluka umodzi, thupi labwerera mwakale. Ikatulukabe iwiri, kaonaneni ndi adokotala. Koma m'mimba mukamapweteka mbali imodzi, mukamamva chizungulire kapena magazi akachuluka, thamangirani ku Chipatala Chachikulu cha Mzuzu. Mwina mimbayo yakhala kunja kwa chiberekero.