Namwino Wofunsa Musamuchititse Manyazi

Amayi anzanga, pafupifupi tonse tinagonapo pakhonde la chipatala tikudikirira mwana wathu kapena mpongozi kuti achire. Tinamvaponso, mwinanso tinanena tokha, mawu akuti: “Kamwana aka kakudziwa kanthu koma? Taonani kakuimba foni kufunsa anzake.” Ine ndakhala m'chipinda chochirira zaka pafupifupi 30, ndipo lero ndimaphunzitsa anamwino pa sukulu ya mpingo. Ndikufuna ndikuuzeni kuti namwino watsopano amene akufunsa ndiye woyenera kumukhulupirira. Amene ndimamuopa ine ndi uja wangoti phee, akudzionetsa ngati zonse zili bwino.

Ndikunena zimenezi chifukwa namwino wa phee uja ndinali ine.

Ntchito yanga yoyamba ndinaigwira pa chipatala china chaching'ono kuno ku Kasungu, pakati pa maesiteti a fodya. Unali mwezi wanga wachitatu, mu Febuluwale, mvula ikugwa usiku ndi usana. Mukudziwa mmene mweziwu umakhalira kwa matenanti: chimanga cholandira kwa bwana chachepa, malungo avuta, ndipo mayi woyembekezera amathyola ndi kusoka fodya mpaka tsiku lomwe matenda amuyamba. Amayi otere amafika kuchipatala magazi ali ochepa kale m'thupi. Kutaya magazi komwe mayi wathanzi angapirire, iwo kumawagwetsa msanga.

Usiku umenewo kunabwera mayi wa mimba yachisanu ndi chimodzi, atakwezedwa pa ngolo. Anachira bwinobwino cha m'ma 1 koloko, mwana wamwamuna, ndipo nsengwa inatuluka yonse. Ndinamubaya jakisoni wolimbitsa chiberekero monga ndinaphunzirira, kenaka ndinatembenukira kwa mwana. Patapita mphindi 20 ndinapeza chitenje chimodzi chanyowa magazi. Ndinasisita pamimba, chiberekero chinalimba pang'ono, koma nditangochotsa dzanja chinafewanso. Chinali chakweranso pamwamba pa mchombo ndi kupendekera kumanja. Ndinaona zimenezo ndi maso anga, koma tanthauzo lake linandithawa. Mtima wa mayiyo, womwe unkagunda ka 88 pa mphindi, unafika pa 110. Bipi inali idakali bwino, ndiye ndinadzitonthoza nayo. Ndinayesa kuika diripi kawiri, mtsempha osaupeza.

Namwino wamkulu ankagona nyumba yachitatu kuchokera pa chipatalapo, ulendo wa mphindi ziwiri. Sindinapite kukawadzutsa. Sabata yapitayo ndinali nditawadzutsa pa nkhani yomwe inapezeka kuti si kanthu, ndipo m'mawa mwake wogwira ntchito wina anandifunsa pamaso pa odwala kuti, “Kodi kusukulu kuja munkaphunzira chiyani?” Mawu amenewo ndi amene anandimanga miyendo. Ndinkaganiza kuti ndikawadzutsanso, onse adziwa kuti satifiketi yanga ndi pepala chabe.

Amene anapulumutsa mayiyo ndi apongozi ake, gogo wina wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Anandigwira pamkono n'kunena motsitsa mawu: “Mwanawe, chitenje ichi n'chachitatu. Ine ndaonapo amayi ambiri akuchira, magazi awa achuluka. Iwe khala pompano, ine ndikadzutse akuluakulu. Nyumba yake ndi iti?” Sanandinyoze ndipo sanakuwe. Anandichotsera katundu amene ndinkalephera kumutula ndekha.

Namwino wamkulu atafika anangoika dzanja pamimba n'kufunsa kuti mayiyo anakodza liti. Chikhodzodzo chinali chodzaza, ndipo ndicho chinkakankhira chiberekero pambali n'kuchiletsa kulimba. Tinaika kapaipi kotulutsira mkodzo, iwo anapeza mtsempha, ine ndinapitiriza kusisita, tinawonjezera mankhwala, magazi n'kuleka. Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana 15. Ine ndinali nditataya mphindi 40 chifukwa cha manyazi. Kutacha mayiyo tinamutumiza ku chipatala cha boma kukawonjezeredwa magazi. Anakhala moyo, koma magazi amene anamuika aja akanatha kuthandiza munthu wina ndikanatsegula pakamwa msanga.

Taonani chimene chinasowa usiku umenewo. Za chikhodzodzo ndinkazidziwa, ndinali nditazilemba pa mayeso n'kukhoza. Chimene ndinalibe ndi diso lozolowera, lomwe limaona chinthu n'kuchizindikira nthawi yomweyo. Diso limeneli sukulu siipereka. Namwino wa chizamba amaphunzira zaka zitatu kapena zinayi, n'kulemba mayeso a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba m'dziko muno asanaloledwe kugwira ntchito. Koma zaka zonsezo amachiritsa amayi pali wina woima kumbuyo kwake. Tsiku loyamba pa ntchito, woima kumbuyo uja palibe. Inu amene munasankhapo fodya m'chigafa mukudziwa kuti mwana angathe kuloweza mayina a magiredi onse, koma chaka choyamba amasakanizabe masamba, mpaka wina amene wapititsa mabelo ku Chinkhoma kambirimbiri amugwire dzanja n'kumuonetsa. Kusiyana kwake n'koti belo losakaniza limangotsika mtengo, pamene mayi wotaya magazi sadikira.

Kutaya magazi pambuyo pochira ndi limodzi mwa mavuto amene amapha amayi kwambiri m'Malawi muno. Timati mayi wataya magazi ambiri akapitirira theka la lita, ndipo maso amanama: magazi akalowa m'zitenje ndi m'matiresi amaoneka ochepa kuposa mmene alili. Bipi nayo imachedwa kutsika, makamaka kwa mayi wamng'ono msinkhu. Chimene chimayamba n'kuthamanga kwa mtima. M'chaka cha 2023 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania. Azamba ankayeza magazi ndi pulasitiki yokhala ndi mizere, ndipo akafika pa mlingo woopsa ankapereka chithandizo chonse nthawi imodzi: kusisita chiberekero, mankhwala, diripi ndi kufufuza pamene magazi akuchokera. Mavuto aakulu a kutaya magazi anatsika ndi 60 pa 100 alionse. Phunziro lake ndi loti chimapulumutsa mayi n'kuzindikira msanga ndi kuchita zinthu zingapo pakamodzi. Manja awiri sangasisite mimba, kuika diripi ndi kutunga mankhwala nthawi imodzi. Ngakhale ine lero, ndi imvi zangazi, ndimaitana mnzanga. Kuitana thandizo ndi gawo la chithandizocho.

Ndikudziwa kuti ena a inu munena kuti: “Nanga ana athu akhale ophunzirirapo? Ndipo anamwino ena achitsikanawa ndi amwano, ukawafunsa amakukalipira.” Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sindiikira kumbuyo mwano wa aliyense. Namwino wonyoza odwala mukamunene ku komiti ya pachipatala. Koma ndaona kambiri kuti ukali wa namwino watsopano ndi mantha obisika. Amakalipa kuti musamufunse funso lomwe sangathe kuyankha. Ndipo kunena zoona, m'zipatala zathu zakumudzi anamwino ndi ochepa, moti mtsikana amene wangomaliza sukulu amatha kusiyidwa yekha usiku mwezi wake woyamba. Sitingasankhe kuti tizichiritsidwa ndi azamba akale okhaokha. Chimene tingasankhe n'chakuti watsopanoyo akhale wofunsa kapena wobisa.

Kusukulu timaphunzitsa ophunzira kafunsidwe, chifukwa ambiri amaopa kuti adzachita chibwibwi pa foni. Timawauza kuti anene zinthu zinayi motsatana: wodwala ndi ndani, akuona chiyani, achitapo chiyani, ndipo akufuna chiyani. Usiku uja ndikanati: “Mayi wa mimba yachisanu ndi chimodzi, wachira 1 koloko. Zitenje ziwiri zanyowa, chiberekero chikufewa, mtima uli pa 110. Ndabaya jakisoni ndi kusisita, diripi yandikanika. Bwerani tsopano.” Mawu amenewa satha ndi theka la mphindi lomwe, ndipo wowamva sangaganize kuti wolankhulayo ndi mbuli. Koma zimene timaphunzitsa zaka zitatu zingafafanizidwe ndi chiseko chimodzi cha pakhonde. Apa ndi pamene ndikupempha inu.

Mukakhala gadiyani, chitani monga anachitira gogo uja. Maola awiri oyamba mayi atachira ndiwo oopsa kwambiri, ndipo namwino amayenera kumuona pafupifupi mphindi 15 zilizonse. Musathamangire kuchapa kapena kubisa zitenje zonyowa, ziwerengeni n'kumuonetsa. Muuzeni ngati mayi akumva chizungulire, ludzu lalikulu, kapena manja azizira, ndiponso ngati sanakodze chichirireni. Mukaona kuti namwinoyo wathedwa nzeru, musamufunse ngati amaidziwa ntchito. Mufunseni kuti, “Anesi, tikuitanireni ndani?” Funso loyamba limamutseka pakamwa, lachiwiri limamupatsa njira.

Amene muli m'komiti ya pachipatala kapena m'bungwe la parishi, funsani zinthu zooneka ndi maso. Kodi namwino watsopano akakhala yekha usiku, pakhoma pali nambala ya munthu amene wavomera kudzutsidwa? Foni ya pachipatala ili ndi mayunitsi? Mlonda akudziwa nyumba yoti akagogode? Mphakati umodzi ungathe kusonkha ya mayunitsi a mwezi wonse osamva kuwawa.

Ndipo inu amene mwana wanu wangoyamba kumene ntchito, samalani ndi mawu a chikondi. Timakonda kumuuza kuti, “Ndiwe dokotala wathu tsopano, usatichititse manyazi, tinagulitsa mbuzi chifukwa cha iwe.” Mwanayo amamva kuti alibe ufulu wosadziwa kanthu. Akabwera ku tchuthi mufunseni kuti sabata imeneyo chamuvuta n'chiyani, ndipo anafunsa ndani. Akayankha kuti palibe chimene chamuvuta, pamenepo ndiye dandaulani. Mukumbutseni kuti ngakhale Amayi Maria anamufunsa funso mngelo Gabrieli, kenaka ananyamuka kukakhala pafupifupi miyezi itatu ndi Elizabeti, mayi wamkulu kwa iwo.

Kwa anzanga akuluakulu pa ntchito ndilibe mawu ambiri. Mwana akakudzutsani pa nkhani yopanda pake, mumuthokoze kaye, kumuphunzitsako kubwere m'mawa muli awiri. Ndi bwino kudzutsidwa kasanu pachabe kusiyana n'kugona tulo tabwino usiku umodzi umene munafunika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma m'chipinda chochirira phulalo amadya ndi mayi amene wagona pa bedi.

Namwino wamkulu uja, titamaliza kutsuka, anandipatsa tiyi n'kunena kuti chitseko chawo ndizigogoda ngakhale kakhumi usiku umodzi. Chaka chimenecho ndinachigogodadi kosawerengeka. Gogo uja dzina lake sindinalifunse, ndipo mpaka lero zimandiwawa.