Kalata ya "ntchito zopepuka" siteteza msana wa munthu

Mlamu wanga amagwira ntchito pa nyumba ina yogula ndi kusunga mbewu pa Balaka. Kwawo ndi kwa Nsamala, ndipo m'mawa uliwonse amapalasa njinga kupita kutauni. Nyengo ya nandolo itafika, tsiku lina akukweza matumba m'lole, anawerama, nanyamula thumba pansi, n'kutembenuka nalo kuti aliponye. Anamva chinthu chikung'ambika m'chiuno. Anakhala pansi pomwepo, ndipo anzake ndiwo anamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala.

Anamupima, anamupatsa mankhwala opha ululu ndi masiku khumi opuma. Atabwererako anamulembera kalata ya mizere iwiri yonena kuti akhoza kuyamba ntchito koma azipatsidwa ntchito zopepuka. Panali siginecha ndi chidindo. Kapitawo anaiwerenga, naipinda bwino, n'kunena kuti, "Tamva achimwene. Musakwerenso lole. Inu muzingochotsa matumba pa sikelo n'kukasanja apo." Kuchoka pa sikelo kufika pa mulu ndi mapazi asanu okha, choncho kwa kapitawo imeneyo inali ntchito yopepuka. Koma thumba linali lomwe lija la makilogalamu 50. Pa tsiku lachitatu mlamu wanga analephera kudzuka pa mphasa.

Kapitawo uja sindimuda. Iyeyo si dokotala, ndipo kalata sinamuuze kanthu. Mawu akuti "zopepuka" aliyense amawamva malinga ndi mphamvu zake. Kwa munthu amene wakhala akusenza matumba zaka khumi, thumba limodzi la feteleza ndi masewera. Kwa msana umene minofu yake ikadali kupola, ngakhale ndowa ya madzi ya malita 20, imene imalemera makilogalamu 20, ndi katundu woti n'kubwezeretsa munthu pa bedi. Kalata yobwerera kuntchito imene ilibe manambala ndi masiku imasiya wodwala m'manja mwa munthu amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti lole yadzadza dzuwa lisanalowe.

Wina anganene kuti bwanji osangomupatsa miyezi iwiri agone kunyumba. Madokotala anasiya kulangiza zimenezo. Kupweteka kwa msana kobwera ndi kunyamula katundu nthawi zambiri kumachokera m'minofu ndi m'mitsempha yomanga mafupa, ndipo anthu ambiri amapeza bwino pasanathe milungu isanu ndi umodzi. Kugona osadzuka kupitirira tsiku limodzi kapena awiri kumaumitsa msana ndi kufooketsa minofu imene imauchirikiza. Munthu amachira msanga akamayenda, akamagwira tintchito timene thupi lingathe, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Palinso nkhani ya m'thumba. Gawo 46 la lamulo lolembana ntchito la chaka cha 2000 limati amene wagwira ntchito miyezi khumi ndi iwiri mosalekeza ali ndi ufulu wopuma akadwala, milungu inayi pa malipiro onse ndi milungu isanu ndi itatu pa theka la malipiro, bola abweretse chikalata cha dokotala wovomerezeka. Mwezi ukangotha ndiye kuti ufa wa pakhomo wachepa ndi theka. N'chifukwa chake anthu amathamangira kuntchito msana usanapole, ndipo n'chifukwa chakenso kalata yabwino ili yofunika: imalola munthu kubwerera msanga popanda kudzipweteka kachiwiri.

Mlamu wanga atadzipweteka kachiwiri, tinapita limodzi kuchipatala. Ndisanapite ndinamukhazika pansi n'kumufunsa kuti andifotokozere tsiku lake lonse, ndipo ndinalemba papepala. Amanyamula matumba a makilogalamu 50 kuchokera pansi, amawakweza paphewa, amakwera nawo thabwa lopita m'lole, amasanja mulu wotalika kuposa mutu wake, amasoka matumba atawerama, amasesa. Pamalo pomwepo palinso ntchito zina: kuwerenga sikelo ndi kulemba m'buku, kubaya matumba ndi chitsulo choonera ngati mbewu ili youma, kuwerenga matumba olowa m'lole, kuyang'anira pageti. Dokotala amene amaona mzere wa anthu kuyambira m'mawa sangalote zonsezi. Iye amadziwa msana, koma ntchito amaidziwa ndi mwini wake. Pepala lija litafika patebulo, kalata inatuluka ina.

Inayamba ndi dzina lake, tsiku limene anavulala, tsiku limene wapimidwa, ndi tsiku loyamba ntchito. Kenako inagawa nthawi patatu. Milungu iwiri yoyamba: agwire maola anayi patsiku, asanyamule chopitirira makilogalamu 5, ndipo chimenecho chikhale pa msinkhu wa m'chiuno, osati chotola pansi, asawerame mobwerezabwereza, asatembenuke atanyamula kanthu, asakwere lole kapena mulu wa matumba, asakhale kapena kuimirira malo amodzi kupitirira mphindi 30 osasuntha. Mlungu wachitatu ndi wachinayi: tsiku lonse, mpaka makilogalamu 10. Mlungu wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi: mpaka makilogalamu 20, koma thumba lathunthu ayi. Pansi pake panalembedwa ntchito zimene angathe kugwira kuyambira tsiku loyamba, zija za pa sikelo, za m'buku ndi za pageti. Pomaliza panali tsiku loti abwerenso akapimidwe, dzina la dokotala lolembedwa mowerengeka, udindo wake ndi chidindo cha chipatala.

Manambala amenewa anali a msana wa mlamu wanga, malinga ndi m'mene dokotala anaupezera. Wina amene ululu ukutsikira m'mwendo, kapena amene wachitidwa opaleshoni, adzapatsidwa ena. Chimene sichiyenera kusowa m'kalata iliyonse ndi zinthu izi: kulemera kwa katundu m'makilogalamu, kutalika kwa nthawi m'masiku, ndi tsiku lopimidwanso.

Ndime ya ntchito zimene munthu angathe ndiyo ambiri amaiiwala, chonsecho ndi imene imasunga ntchito ya munthu. Bwana akalandira kalata yongoti asachite ichi, asachite icho, amaona ngati wabweretseredwa munthu wodzangodya malipiro, ndipo yankho lake limakhala lakuti, "Pitani mukachire kaye." Akaona kuti munthu yemweyo akhoza kukhala pa sikelo, kalaliki n'kupita kukathandiza kwina, nkhani imasintha. Tsiku lopimidwanso nalonso limateteza mbali zonse. Popanda tsikulo, bwana amaopa kuti zoletsazo zikhala mpaka kalekale, ndipo wantchito amapezeka kuti tsiku lina kapitawo wangogamula yekha kuti wachira.

Ku Britain anakumana ndi vuto lomweli. Mu Epulo 2010 anasintha chikalata chawo cha odwala, chimene kale chinkangonena kuti munthu sangagwire ntchito. Chatsopanocho chimalola dokotala kunena kuti munthu akhoza kugwira ntchito ngati pachitika zina mwa zinthu zinayi: kubwerera pang'onopang'ono, kusintha maola, kusintha ntchito, kapena kukonza malo ogwirira ntchito. Ife sitifunika kudikira fomu yosindikizidwa kuti tichite zimenezi. Pepala wamba ndi cholembera n'zokwanira. Tiyeneranso kuvomereza kuti thumba lathu la makilogalamu 50, la chimanga, la simenti, la feteleza, n'lolemera ngakhale kwa msana wabwinobwino. Akatswiri a chitetezo cha pantchito ku America amawerengera makilogalamu 23 ngati malire a katundu wonyamula mobwerezabwereza, ndipo apo n'kuti katunduyo ali pafupi ndi thupi, munthu osawerama kapena kupotoka. Amene akuchokera kovulala asabwerere ku thumba lathunthu yekha asanapimidwenso, ndipo pamene pali wilibala kapena mnzake wogwirizana naye, azigwiritsa ntchito zimenezo.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa. Anthu ambiri akafunsidwa umboni kuntchito amangopereka kabuku kawo ka kuchipatala. M'kabuku muja muli mbiri yonse ya munthu: matenda akale, zotsatira za magazi, mankhwala amene amalandira mwezi ndi mwezi. Bwana sayenera kuona zimenezo. Chimene akufunika kudziwa ndi zimene wantchito angathe ndi zimene sangathe, komanso mpaka liti. Pemphani kalata yapadera, kabuku kabwerere m'thumba. Kalatayo mukaijambulitse musanaipereke, chifukwa ya mlamu wanga yoyamba ija sitinaionenso. Ngati munavulalira pantchito, kalatayo itchule zimenezo ndi tsiku lake, ndipo ngoziyo ikadziwike ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la chaka cha 2000 limaika udindo pa olemba ntchito, koma popanda pepala losonyeza tsiku ndi malo, mlandu umasanduka mawu a wantchito kulimbana ndi mawu a bwana.

Kalata ili ndi malire ake, ndipo awa ndi ofunika kuposa zonse ndanenazi. Kumva kuwawa pang'ono madzulo m'masiku oyamba si chodabwitsa. Ululu ukamakula tsiku ndi tsiku, kapena ukayamba kutsika kupyola bondo, sitepe imeneyo yafulumira, ndipo munthu abwerere kwa dokotala asanadikire tsiku lolembedwa lija. Koma mkodzo ukakana kutuluka kapena ukamangotuluka wokha, chimbudzi chikamathawa, pakachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, phazi likamakwekwereka kapena miyendo yonse ikafooka, imeneyo si nkhani ya kalata ayi. Mitsempha ya kumapeto kwa msana ingakhale yapanikizika, ndipo kuchedwa kungalumalitse munthu moyo wake wonse. Apite tsiku lomwelo ku chipatala cha boma cha Balaka kapena cha Machinga pa Liwonde, kuti ngati n'kofunika atumizidwe ku Zomba kapena ku Blantyre. Chimodzimodzi msana wopweteka usiku munthu atagona, pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda: kuno kwathu chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana, ndipo thumba limene munthu akuliloza chala lingakhale kuti linangoulula matenda amene analipo kale.

Kalata sifikanso kumudzi. Mlamu wanga ankatsatira zonse kuntchito, koma Loweruka ndinamupeza akuswa mphanje kudimba, atawerama ndi khasu. Msana sudziwa kuti katundu uyu ndi wa bwana, uyu ndi wanga. Makilogalamu 5 a m'kalata ndi omwewo pa mjigo, pa njinga yonyamula makala ndi pa mtolo wa nkhuni. Tinagwirizana ndi mlongo wanga kuti anyamata agwire dimba mpaka dokotala atalola. Pa mlungu wachisanu ndi chiwiri anapimidwanso, nabwerera ku ntchito yake yakale.

Kwa madokotala athu a m'zipatala za Balaka ndi Machinga, ndikudziwa kuti mzere ndi wautali, koma ndikupempha mphindi zitatu zokha: funsani munthuyo chimene amanyamula, ndipo lembani makilogalamu ndi masiku. Inu amene mwavulala, pitani ndi pepala la ntchito zanu, ndipo musatuluke m'chipinda cha dokotala ndi kalata yongoti "ntchito zopepuka".