Windo lalikulu si windo laling'ono lofufuma

Pa Namitete, pa Nsaru ngakhale pa Mpingu simungalephere kuona owotcherera zitsulo atayedzeka mafelemu a mawindo pakhoma. Maonekedwe ndi amodzi, koma saizi n'zosiyana. Ojambula zinthu pa kompyuta amati limeneli ndi banja la zipangizo. Ine ndikuti njira yabwino yojambulira banja lotere ndi kujambula kamodzi kokha, miyeso n'kuiika mu tebulo la sipuredishiti. Njira yachidule yongokulitsa chojambula ndi msampha.

Tiyerekeze windo lomwe m'kati mwake ndi mamilimita 600 mulifupi, lokhala ndi zitsulo zinayi zotchinga akuba, chilichonse chonenepa mamilimita 12. Mipata ilipo isanu, uliwonse mamilimita 110.4. Kasitomala wina akufuna la 1200. Mukangouza kompyuta kuti ikulitse kawiri, chilichonse chimakula: zitsulo zikhala za mamilimita 24, mipata 220.8. Wowotcherera uja agwiritsabe ntchito zitsulo za 12 zomwe ali nazo, ndiye mpata ufika 230.4. Pamenepo kamwana kakhoza kupyola bwinobwino. Ndiye zitsulozo zikutchinga chiyani?

Tebulo limakukakamizani kugawa miyeso patatu. Pali yomwe amasankha kasitomala, monga mulifupi. Pali yosasintha, monga kunenepa kwa chitsulo. Pali ina yomwe imatuluka pa masamu, monga kuchuluka kwa zitsulo. Tinene kuti lamulo lathu ndi lakuti mpata usapose mamilimita 120.

Mu pulogalamu ya SolidWorks, tebuloli ndi la Excel ndipo limatchedwa Design Table. Mzere wachiwiri umakhala ndi maina a miyeso ya m'chojambula, ndipo mzere uliwonse pansi pake ndi windo limodzi.

```
       mulifupi@Sketch1  zitsulo@LPattern1  sitepe@LPattern1
W600   600               4                  122.4
W900   900               6                  130.3
W1200  1200              9                  121.2
```

Inu mumalemba mulifupi basi, mu B3. Enawo amadziwerengera okha:

```
C3: =ROUNDUP((B3-120)/132,0)
D3: =(B3+12)/(C3+1)
```

Nambala ya 132 ndi mpata wa 120 kuphatikiza chitsulo cha 12. Pa windo la 1200, tikachotsa 120 patsala 1080, tikagawa ndi 132 tipeza 8.18. Chitsulo chatheka sichitchinga kanthu, choncho ROUNDUP imakweza kufika pa 9. Sitepe ndi mtunda wochokera pakati pa chitsulo kufika pakati pa chinzake, ndiye mpata weniweni ndi sitepe kuchotsa 12, womwe pano ndi 109.2. Taonani, windo lakula kawiri koma zitsulo zachoka pa 4 kufika pa 9, osati 8. Kungokulitsa sikungakupatseni yankho limeneli.

Komatu tebulo silichita zamatsenga. Limayendetsa miyeso yokhayo yomwe mwailumikiza. Cholakwika chofala n'chakuti munthu amalemba ndi dzanja mtunda wa chitsulo choyamba kuchokera ku felemu, 110.4, n'kuusiya choncho. Pa W600 zonse zimaoneka bwino. Pa W900 mpata woyamba umatsala 110.4, apakati ndi 118.3, koma womaliza umafika pafupifupi 126, lamulo lija laswedwa. Mankhwala ake ndi kuuza chojambula kuti mtunda woyambawo ukhale sitepe kuchotsa 12. Kuti mugwire vuto lotere, musamangoyang'ana windo lomwe munayambira. Tsegulani mzere uliwonse, muyeze mpata woyamba ndi womaliza. Akasiyana, pali muyeso womwe sukumvera tebulo.

Vuto lina limabwera mnzanu akasintha nambala pa chojambula penipenipo m'malo mosintha mu tebulo. Zikatero muli ndi mabwana awiri. SolidWorks ili ndi posankha poletsa zimenezi, polembedwa kuti Block model edits that would update the design table. Muzisankha pamenepo.

Wina anganene kuti, "Aaa, owotcherera athu amangolemba ndi choko pansi, mawindo n'kutuluka bwino." N'zoona, ndipo pa windo limodzi choko chimapambana; kukonza tebulo kungakudyereni nthawi pachabe. Koma oda ikakhala ya mawindo a buloko yonse ya sukulu, a saizi zingapo, mwini wake n'kusintha maganizo kuti mpata usapose 100, wa choko ayambiranso masamu windo ndi windo. Wa tebulo asintha 120 kukhala 100, 132 kukhala 112, banja lonse lakonzeka.

SolidWorks ndi yogula, koma FreeCAD ndi yaulere ndipo ili ndi gawo la Spreadsheet lomwe limayendetsa miyeso chimodzimodzi. Ngakhale pa foni, sipuredishiti wamba ikukwanirani kuyesa masamuwa. Onjezani mzere wa W1500. Mukapeza zitsulo 11 ndi mpata wa mamilimita 114, mwakhoza.