Invoyisi yakunja ikabwera yopanda VAT, msonkho uli pa wogula

Pakati pa Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe amene ali ndi mabizinesi ku Britain pakuyenda mawu amene ambiri awakhulupirira. Akuti invoyisi yochokera kunja ikafika yopanda VAT, ili ndi mawu akuti "reverse charge" m'munsi mwake, ndiye kuti palibe msonkho. Ena odziwako pang'ono amawonjeza kuti ngakhale utakhalapo umadzifafaniza wokha, choncho kuulemba n'kutaya nthawi. Mawuwa ndi olakwika, ndipo amene angapweteke nawo kwambiri ndi eni makampani osamalira okalamba ndi odwala, ntchito imene anthu akwathu ambiri alowamo.

Lamulo lake lili m'gawo 8 la Value Added Tax Act 1994. Bizinesi ya ku Britain ikagula ntchito kwa wogulitsa wakunja, monga upangiri, kusunga mabuku a ndalama, kutsatsa malonda kapena mapulogalamu a kompyuta, lamulo limaitenga ngati kuti yadzigulitsa yokha ntchitoyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuyambira pa 1 Januwale 2010, ntchito zambiri zogulitsana pakati pa mabizinesi zimawerengedwa kuti zachitikira kumene kuli wogula. Bungwe lotolera misonkho la HMRC silingathamangitse wogulitsa wa ku Blantyre kapena ku Dublin, koma wogula wa ku Leeds limamudziwa bwino. Komanso pakanapanda lamuloli, wowerengera ndalama wa ku Manchester, amene amaika 20 peresenti pa mtengo wake, bwenzi akulandidwa makasitomala ndi mnzake wakunja amene saika kanthu.

Nachi chitsanzo. Kampani yoyeretsa m'maofesi ku Leeds, yolembetsa VAT, yalemba ganyu akatswiri a ku Blantyre kuti aziisungira mabuku. Invoyisi yabwera ya £2,000, yopanda msonkho uliwonse. Mwini kampani amawerengera yekha 20 peresenti, yomwe ndi £400. Pa fomu ya VAT, £400 imeneyi imalowa mu Box 1 ngati msonkho umene kampani ikuyenera kupereka, ndipo imalowanso mu Box 4 ngati msonkho umene ikubwezeredwa. Mtengo wa ntchito, £2,000, umalembedwa mu Box 6 ndi mu Box 7. Invoyisi ikakhala ya madola kapena ya makwacha, ayenera kuyamba waisintha kukhala mapaundi, pogwiritsa ntchito mtengo wa pamsika wa nthawiyo kapena umene HMRC imalengeza mwezi ndi mwezi. Nthawi yolembera msonkhowu ndi pamene ntchito yatha kapena pamene yalipiridwa, kutengera chimene chayamba kuchitika.

Apa zoonadi palibe ndalama yotuluka m'thumba, ndipo mphekesera ija inabadwira pamenepa. Koma £400 ya mu Box 4 sibwera yokha. Imabwezedwa chifukwa chakuti ntchito yonse ya kampaniyi, kuyeretsa, ndi yodulidwa VAT. Box 1 ndi ngongole ya aliyense wolembetsa. Box 4 ndi ufulu wa okhawo amene akwaniritsa zofunika.

Tsopano kampani yomweyo ikhale kuti imasamaliranso okalamba m'makomo mwawo, ndipo inalembetsa ku Care Quality Commission. Ntchito yosamalira anthu yotere sidulidwa VAT, ndipo msonkho wa zinthu zogulidwa poigwira subwezedwa. Tinene kuti 70 peresenti ya ndalama zolowa imachokera ku chisamaliro, 30 peresenti ku kuyeretsa, ndipo osunga mabuku aja amatumikira mbali zonse ziwiri. Mu Box 1 mukulowabe £400 yathunthu. Mu Box 4 mungalowe 30 peresenti yokha, £120. Yotsala, £280, ndi ndalama yeniyeni yopita ku HMRC. Lilipo lamulo lokhululukira misonkho yaing'ono yotere, koma limafuna kuti msonkho wa mbali yosadulidwa VAT usapitirire £625 pamwezi komanso usapose theka la msonkho wonse wa zogula. Kampani imene zogula zake zambiri zimapita ku chisamaliro kawirikawiri imagwa pa mfundo yachiwiriyi.

Ngati invoyisi yotere imabwera mwezi uliwonse, £280 ija imakwana £3,360 pachaka. HMRC ili ndi mphamvu yobwerera m'mbuyo zaka 4 pofufuza zolakwika, n'kuwonjezapo chiwongoladzanja, ndipo chindapusa cha kusasamala chingafike 30 peresenti ya msonkho umene unasowa. Mwini kampani amene anamvera anzake kuti asavutike kulemba angadzapezeke ndi ngongole yoposa £13,000 asanawerengere chindapusacho.

Amene sanalembetse VAT amaona ngati nkhaniyi siikuwakhudza, koma nawonso ili pakhomo pawo. Malire olembetsera, kuyambira pa 1 Epulo 2024, ndi £90,000 ya malonda odulidwa VAT m'miyezi 12 iliyonse yotsatizana. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ntchito zogulidwa kunja za mtundu umenewu zimawonjezedwa pa chiwerengerocho. Wamalonda amene wagulitsa za £82,000 n'kulipira £10,000 kwa otsatsa malonda akunja wafika pa £92,000, ndipo ayenera kulembetsa ngakhale kuti zogulitsa zake zokha sizinadumphe malire.

Kulakwitsa kwina kumachokera mbali inayo. Wogula akapanda kupereka nambala yake ya VAT kapena umboni wakuti ndi bizinesi, wogulitsa wakunja angamutenge ngati munthu wamba n'kumuikira msonkho. Invoyisi ikaonetsa VAT ya dziko lina, monga 23 peresenti ya ku Ireland, ndalamayo singalowe mu Box 4, chifukwa sinapite ku boma la Britain. Chofunika ndi kubwerera kwa wogulitsayo, kumupatsa nambala, ndi kupempha invoyisi yokonzedwa pamodzi ndi ndalama yobweza. Ndipo mawu akuti "reverse charge" akasowa pa invoyisi, monga zimakhalira ndi ambiri ochokera ku Africa, udindo wa wogula susintha. Chimene chimaunikidwa ndi mtundu wa ntchito ndi kumene kuli wogulitsa.

Katundu wogwirika, monga matumba a ufa kapena zitenje, ali ndi njira yake: VAT yake imawerengedwa polowa m'dziko, ndipo zimenezo zisasakanizidwe ndi nkhani ya ntchito.

Choopsa china cha mphekeserayi n'chakuti imawoloka malire ngati kuti lamulo ndi limodzi paliponse. Ku Zambia, kumene VAT ndi 16 peresenti, wogula ntchito kwa wakunja amene sanasankhe womuimira pa zamisonkho m'dzikomo amapereka msonkhowu ku Zambia Revenue Authority, koma saloledwa kuubweza. Ntchito ya K100,000 imamudyera K116,000, ngakhale malonda ake onse atakhala odulidwa VAT. Ku South Africa, kumene ndi 15 peresenti, lamulo la 1991 linatenga njira ina: msonkho umagwera ntchito yakunja pokhapokha ngati ikugwiritsidwa ntchito pa zinthu zosadulidwa VAT. Wamalonda wa ku Chipata amene angatsatire malangizo a m'bale wake wa ku Leeds, n'kulemba msonkhowu mbali zonse ziwiri za fomu, ndiye kuti wabweza ndalama imene lamulo la kwawo silimulola.