Mukasaina chifukwa cha mbama, mulandu ukalibe kusila

Amai ndi atate a mu Soweto, mu City Market, ku Chisokone ndi misika yonse, pali mau amene timamva kawirikawiri munthu akagwidwa: "Anavomera kale, asaina, palibe chochita." Mau amenewa si zoona, ndipo aikitsa anthu m'ndende amene akanabwerera kunyumba. Pepala lija apolisi amalitcha woni endi koshoni si chigamulo ai. Khoti ikhoza kulikana. Koma nthawi zambiri imalikana ngati mwini wake watsegula pakamwa pa nthawi yake, ndiye mvetserani.

Tiyerekeze chabe. Belo ya salaula yasowa mu sitolo usiku. M'mawa agwira mnyamata wa wilibala amene amakunyamulirani katundu. Agona mu maselo masiku atatu, amumenya m'mapazi, ndipo wapolisi mmodzi amuuza kuti, "Iwe vomera chabe, tizakupatsa bondi upite." Tsiku lachinayi amubweretsera pepala la Chizungu lolembedwa kale, iye adindapo chala. Manje pepala lija likamba kuti anathyola loko ndi kutenga belo.

Lamulo la m'dziko muno likuti mau ovomera mulandu amene munthu anakamba kwa wapolisi amaloledwa mu khoti pokhapo ngati anawakamba mwa kufuna kwake. Kumenya kumawaononga. Kuopseza kumawaononga. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale lonjezo lokoma limawaononga. Uja anati "vomera tikupatse bondi" sanagwire munthu olo chala, koma anaika nyambo, ndipo mau otuluka chifukwa cha nyambo si a ufulu. Kumusunga munthu nthawi yaitali, osagona, osadya, kumufunsa mpaka mtima utalema, khoti imayang'ananso zimenezo.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Si nchito ya mnyamata kutsimikiza kuti anamenyedwa. Ni nchito ya oimira boma kutsimikiza kuti sanakakamizidwe, ndipo afunika kutsimikiza mosasiya chikaiko, monga mmene amachitira pa mulandu weniweni. Majisitireti akatsala ndi chikaiko chomveka, pepala ligwa.

Manje zimachitika bwanji? Pa tsiku loyamba mu khoti amawerenga mulandu ndi kufunsa ngati auvomera kapena aukana. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mnyamata aganiza kuti, "Nasaina kale, nikakana nizaoneka wabodza," ndiye avomera. Akavomera pamaso pa majisitireti, za kumenyedwa zija palibe amene azazifufuza, chotsalira ni chilango. Kusaina ku polisi sikumumanga kuti avomere mu khoti. Ngati sanabe, akane.

Mulandu ukayamba, ifika nthawi imene wapolisi amene analemba sitetimenti aimirira kuti aipereke monga umboni. Nthawi yake ni imeneyo. Loya, kapena mnyamata yekha ngati alibe loya, akambe kuti, "Nikana pepala ili, ninasaina chifukwa ananimenya ndipo ananilonjeza bondi." Khoti iyenera kufunsa munthu wopanda loya ngati ali ndi chotsutsa, koma musayembekeze chabe kufunsidwa. Akakamba tero, mulandu waukulu uima, ndipo pamayamba ka mulandu kena mkati mwa mulandu. Pamenepo sakamba za belo. Funso ni limodzi chabe: kodi mau aja anatuluka mwaufulu?

Apolisi amene anamufunsa aitanidwa, ndipo mnyamata ali ndi ufulu wowafunsa. Munanigwira tsiku liti, nanga sitetimenti munalemba tsiku liti? Masiku a pakati apo ninali kuti? Munali angati mu chipinda? Munanichenjeza kuti sinili wokakamizidwa kukamba kanthu? Munaniwerengera mu chilankhulo chimene nimamva? Funso la masiku lili ndi mano, chifukwa lamulo loyendetsa milandu lifuna kuti munthu wogwidwa popanda waranti apelekedwe ku khoti msanga, ndipo limatchula maola 24. Pambuyo pake mnyamata akamba mbali yake ndi kuitana mboni zake. Chenjerani pa chinthu chimodzi: kuiwala chenjezo pakokha sikugwetsa pepala nthawi zonse. Majisitireti ali ndi mphamvu yolikana ngati aona kuti kulilola kungakhale kupanda chilungamo, koma aona yekha. Kukakamiza ndiye kulibe zokambirana, pepala lituluka.

Apa ndi pamene imwe mulowera. Mu chipinda chija munali apolisi atatu ndi mnyamata mmodzi, ndipo atatu aja onse azakamba kuti palibe amene anamugwira. Mabala nawo sayembekeza, mulandu ukamafika pa sitetimenti pangakhale patapita miyezi. Ndiye imwe amene munamupelekera nsima ndi kumuona akuyenda motsimphina, lembani tsiku ndi nthawi m'kabuku kanu ka nkhongole. Sungani malaya a magazi. Ngati atuluka pa bondi, apite ku chipatala tsiku lomwelo ndipo pepala la adokotala lisungidwe. Ngati akali mkati, pa tsiku loyamba mu khoti auze majisitireti kuti anamenyedwa, aonetse mabala, apemphe kuti zilembedwe ndiponso kuti amupeleke ku chipatala. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Board. Madandaulo a nkhanza amalandiridwa ku Human Rights Commission ndi ku Police Public Complaints Commission.

Koma sinizakunamizani kuti lamulo lathu lili bwino lonse. Lili ndi chiboo. Mu 1976, pa mulandu wa Liswaniso, Khoti Yaikulu Kwambiri inagamula kuti umboni wopezeka mwa njira yosatsata lamulo ungaloledwe ngati ukhudza mulandu. Chimene inasiya panja ni mau ovomera okakamiza. Tanthauzo lake kwa mnyamata wathu ni ili: ngati pomenyedwa anatchula malo, apolisi n'kupezako belo, mau ake khoti ingawakane, koma belo ingalowe monga umboni. Mwina mwini belo pakati panu akuti, "Nanga si katundu wanga wapezeka?" Nimvetsa, belo imodzi ni mpamba wonse wa munthu. Koma onani chimene lamulo lotere liphunzitsa wapolisi waulesi: menya, olo pepala likagwa, katundu uzatsala. Ndipo munthu womenyedwa amatchula chilichonse kuti ululu uleke. Ngati sadziwa kumene kuli belo, atchula dzina la mnzake, mwina la mwana wanu. Wakuba weniweni panthawiyo ali ku Intasite, akwera basi.

Ndime 15 ya Konsitityushoni yathu iletsa kuzunza munthu, ndipo Zambia inalowa m'pangano la United Nations loletsa kuzunza mu 1998. Ine niona kuti Palamenti ifunika kutseka chiboo ichi ndi lamulo lolembedwa, lokana umboni uliwonse wotuluka m'kumenya, osati mau chabe. Ifunikanso kulamula kuti kufunsa munthu woganiziridwa kujambulidwe pa vidiyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kuti popanda vidiyo sitetimenti isalandiridwe. Foni ya kamera ili m'thumba la pafupifupi wapolisi aliyense. Phungu wa dera lanu akabwera mu msika kuzagwira anthu chanza, mufunseni ngati azakamba zimenezi mu Palamenti, ndipo akuuzeni liti.