Nkhope yotupa m'mawa sifuna tiyi wotsuka m'mimba

Uthenga wina wakhala ukuzungulira pa mafoni, ndipo ogulitsa mankhwala a zitsamba m'misika ndi m'mabasi akuubwereza. Akuti mukadzuka zikope zitatupa, ndiye kuti thupi ladzaza poizoni, choncho mugule tiyi wotsuka m'thupi, komanso muleke kumwa madzi dzuwa likangolowa. Ife tikukana uthengawu. Suli woona, ndipo ukhoza kupweteketsa anthu.

Chimene chimatupitsa zikope m'mawa ndi madzi a m'thupi omwe angosintha malo. Masana munthu amakhala chiimire kapena chikhalire, motero madzi omwe ali kunja kwa mitsempha ya magazi amatsikira kumiyendo. N'chifukwa chake nsapato imathina madzulo kusiyana ndi m'mawa. Akagona, zimakhala ngati botolo la madzi losadzaza lomwe mwaligoneka: madzi aja amayenderera mpaka kukhosi kwa botolo. Khungu la zikope ndi lopyapyala kuposa lina lililonse pathupi, pafupifupi theka la milimita, ndipo mnofu wa pansi pake ndi wofewa, wotayana. Timadzi tochepa tomwe sitingaoneke pantchafu timaonekera msanga pamenepo. Wogona chafufumimba, kapena wopanda pilo, amatupa kwambiri. Akadzuka n'kuyamba kuyendayenda ndi kuphethira, madziwo amatsika okha, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri nkhope imabwerera mwakale.

Nanga bwanji masiku ena kutupako kumanyanya? Apa ndiye pali nkhani ya mchere, yomwe uthenga uja sukuitchula n'komwe. Thupi limasunga mulingo wa mchere m'madzi ake mosalola kusinthasintha, pafupifupi magalamu 9 pa lita imodzi, ofanana ndi a m'madzi a diripi ya kuchipatala. Mchere ukachuluka, ludzu limakula ndipo impso zimagwira madzi kuti mchere uja usungunuke mpaka ufike pa mulingo wake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi yosasefukira. Mulingowu ndi wa zakudya zonse za tsikulo, osati wa ndiwo za usiku zokha.

Tiyeni titenge bambo amene waweruka kuntchito Lachisanu n'kudzera kumalo omwera. Kunyumba anadya kale mchere wokwanira tsikulo. Pachiwaya wagula tchipisi ndi kanyenya, ndipo nthuli iliyonse akuisunsa m'kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola. Tinene kuti wawonjezera supuni yaing'ono imodzi. Powerengera mwachidule, magalamu 5 amenewo angachititse thupi kugwira madzi okwana pafupifupi theka la lita kufikira impso zitamaliza kutulutsa mcherewo, ntchito yomwe imatenga tsiku limodzi kapena awiri.

Mowa nawo uli ndi zake. Muubongo mumachokera homoni yotchedwa vasopulesini, yomwe imauza impso kuti zisunge madzi. Mowa umaitsekereza, ndiye chifukwa chake womwa amangopita kukataya madzi. Mphamvu ya mowa ikatha pakati pa usiku, homoni ija imayambiranso ntchito thupi lili louma, mchere uli tho, ndipo madzi onse omwe bamboyo angagugudize mbandakucha amagwidwa. Mowa umakulitsanso timitsempha ta pakhungu, n'chifukwa chake maso amafiira, komanso umasokoneza tulo ta chakum'mawa. Bambo wathu wafika kunyumba, wangodzigwetsa pabedi chafufumimba, osatembenuka. Loweruka m'mawa zikope zili phwii. Kenako akuti achotse matsire ndi msuzi wa mang'ina wothira mchere wambiri, osadziwa kuti akuwonjezera chomwe chamutupitsacho.

Amayi ndi ena osamwa mowa asaganize kuti nkhaniyi si yawo. Timakyubu tokometsera ndiwo timakhala ndi mchere wochuluka, ndipo ambiri timathiramo kakyubu n'kuthiranso mchere. Soda wa m'therere naye ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimagwira madzi mu mchere.

Tsono tiyi uja amachita chiyani? Matiyi ambiri otsuka m'thupi amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba, monga masamba a sena. Munthu amathamangira kuchimbudzi, n'kumva kupepukidwa, n'kumati poizoni watuluka. Zimene zatuluka ndi madzi ndi potaziyamu, mchere wina wofunika kuti mtima uzigunda bwino. Ndipo popeza kutupa kwa m'mawa kumatha kokha, tiyiyo amatamandidwa pa ntchito yomwe yagwiridwa ndi kungodzuka pabedi. Ntchito yosefa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo kutsegula m'mimba sikuzithandiza. Ena afika pogula mapiritsi okodzetsa monga furosemide popanda dokotala. Awa ndiye oopsa kwambiri, chifukwa thupi limazolowera, ndipo munthu akasiya amatupa kuposa poyamba. Langizo loleka madzi madzulo nalo ndi lolakwika. Kumwa madzi ambirimbiri nthawi yogona kumangokudzutsani usiku, izo n'zoona, koma impso zimafuna madzi kuti zitulutse mchere.

Zimene zimathandiza sizigulidwa. Chepetsani mchere pa chakudya cha usiku: ngati mwathira kakyubu, mchere usathiridwenso, ndipo kambale ka mchere kachoke patebulo. Omwa mowa achepetse, aleke patatsala maola angapo kuti agone, ndipo azimwa madzi pakati pa mabotolo. Gonani chagada kapena chammbali, mutu utakwezeka pang'ono ndi pilo wachiwiri. M'mawa nyikani kansalu koyera m'madzi ozizira, muike pazikope mutatsinzina kwa mphindi 10, chifukwa kuzizira kumafinya timitsempha. Nkhaka zimene anthu amaika m'maso zimagwira ntchito mwa njira yomweyi, ndi kuzizira kwake basi. Musatikite maso mwamphamvu. Koma matumba a pansi pa maso omwe amabwera ndi ukalamba, osasintha m'mawa ndi madzulo, amenewo ndi mafuta omwe atsetsereka minofu itafooka, ndipo sachoka ndi nsalu yozizira kapena tiyi.

Chimene chikutipweteka mtima kwambiri ndi ichi: pali kutupa kwina komwe ndi chizindikiro cha matenda, ndipo munthu amene wapatsidwa tiyi amataya masabata asanapite kuchipatala. Impso zikayamba kutaya mapuloteni mumkodzo, chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala zikope zotupa m'mawa. Kusiyana kwake n'kwakuti kutupaku kumabwera tsiku ndi tsiku ngakhale simunamwe mowa kapena kudya zamchere, sikutha msanga, mapazi nawo amatupa mpaka chala kusiya dzenje mukadina, ndipo mkodzo umachita thovu losatha. Mwana amene watupa nkhope n'kumakodza mkodzo woderako ngati tiyi, patapita sabata zingapo atadwala zilonda zapakhosi kapena zapakhungu, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera amene wapitirira masabata 20, akatupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, makamaka mutu ukamapweteka kapena maso akamachita chidima, asadikire tsiku la sikelo. Kungakhale kuthamanga kwa magazi kwa pa mimba, komwe kumagwetsa mayi ndi kupha mwana. Milomo kapena lilime zikatupa mpaka kupuma kukuvuta, imeneyo ndi ngozi ya nthawi yomweyo.

Kuchipatala adzayeza kuthamanga kwa magazi ndi kuviika kapepala mumkodzo kuti aone ngati muli mapuloteni. Zonse ziwirizi zimangotenga mphindi zochepa. Mukamapita, tengani mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, kuphatikizapo paketi ya tiyiyo, kuti dokotala aone.