Jambulani kumbuyo kwa paketi

Pa Mzimba boma palibe amene sadziwa tsiku lofika galimoto ya katundu wa ku Joni. Mabulangete, malata, sopo, mafuta ophikira, zonse zimatsitsidwa pali mayina olemba ndi cholembera chakuda, ndipo pofika madzulo zimakhala zalowera njira za ku Embangweni, Edingeni ndi Manyamula. Ana athu amavutikira zinthu zimenezi, ndipo ndimawalemekeza. Chimene chandikwiyitsa sabata ino n'chaching'ono ndithu, zithunzi ziwiri za pa WhatsApp.

Mwana wa mlongo wanga ali ku Joni. Mayi ake, achemwali anga aakulu amene amakhala kufupi ndi Embangweni, ali ndi matenda a shuga, komanso magazi awo amathamanga. Mnyamatayu anaima m'sitolo, najambula mapaketi awiri a phala la m'mawa, n'kundilembera kuti, "Asibweni, ndiwagulire iti amama?" Zithunzi zonse ziwiri zinali za kutsogolo kwa paketi. Yobiriwira inali ndi ngala za mapira ndi mndandanda wa mavitamini m'zilembo zazikulu. Yofiira inali ndi mbale ndi supuni basi. Ndinamuyankha kuti atembenuze mapaketiwo, ajambule kumbuyo, pafupi, pamalo powala, ndipo chala chake chisaphimbe manambala.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsogolo kwa paketi kumalembedwa ndi wogulitsa kuti akukopeni. Kumbuyo n'kumene lamulo limamukakamiza kunena zimene waikamo, ndipo n'chifukwa chake zilembo zake zimakhala zazing'ono chonchi. Kumbuyoko kuli zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu woyerekeza mapaketi amafuna zonse.

Choyamba ndi mndandanda wa zimene apangira chakudyacho, pansi pa mawu akuti "Ingredients". Mndandandawu salemba mwachisawawa. Choyamba kutchulidwa ndicho cholemera kwambiri m'paketimo, chotsiriza ndicho chochepetsetsa. Pa paketi yobiriwira panayamba ufa wa chimanga, kenako shuga, kenako mapira. Tanthauzo lake n'lakuti shuga ndi wambiri kuposa mapira amene akuwatamanda kutsogolo. Mapira atatha panabwera "glucose syrup" ndi "maltodextrin". Woyambayo ndi shuga yemweyo wovala dzina lina, winayo ndi sitachi yoswedwaswedwa imene imakweza shuga wa m'magazi mofulumira ngati shuga weniweni. Opanga zakudya akagawa zotsekemera zawo m'mayina atatu, lililonse limaoneka lochepa n'kutsikira pansi pa mndandanda, koma m'mimba mwa achemwali anga zonsezo zimakakumana. Uchi, manyuchi ndi madzi a zipatso ouma nazonso zili m'gulu lomweli, ngakhale zimamveka zachilengedwe.

Pa paketi yofiira panayamba tirigu wosakonola, kenako gaga wa tirigu, shuga anabwera wachitatu, ndipo mchere unali chakumapeto. Tikangoyang'ana mndandanda wokha, yofiira yapambana kale. Koma mndandanda umangonena chimene chili chambiri kuposa chinzake, sunena kuti ndi magalamu angati. Pa nkhani ya mchere ndiye sutithandiza n'komwe, chifukwa m'zakudya ngati izi mchere umakhala kumapeto nthawi zonse, kaya ndi wochepa kaya wapyola muyeso.

Ndiye timapita ku chinthu chachiwiri, tebulo la manambala. Apa m'pamene mnyamata wanga anakodwa, ndipo sindimuda, chifukwa anthu ambiri ophunzira amakodwa pomwepa. Anaona kuti yobiriwira yalemba shuga magalamu 6, yofiira magalamu 7, ndipo anati, "Ndiye yobiriwira ili bwino, asibweni." Manambala amenewa anali mu mzere wa "per serving", ndiye kuti muyeso umene kampani yadzisankhira yokha kuti munthu adye kamodzi. Yobiriwira muyeso wake unali magalamu 25, yofiira magalamu 50. Ndani kwathu kuno amakhuta phala la ufa wa magalamu 25? Ngakhale mwana wa kumkaka angalire.

Mzere woyenera kuyerekeza ndi wa "per 100 g", chifukwa pamenepo mapaketi onse aima pa sikelo imodzi. Yobiriwira inali ndi shuga magalamu 24 pa magalamu 100 alionse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a paketi yonse. Yofiira inali ndi magalamu 14. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula shuga pafupifupi magalamu 4. Choncho achemwali akathira m'mbale ufa wa magalamu 50, yobiriwira ikuwapatsa masupuni atatu a shuga, yofiira ikuwapatsa osakwana awiri. Awa ndi mayi amene anasiya kuthira shuga mu tiyi kalekale pomvera a kuchipatala, ndipo mwana wawo, mwachikondi chenicheni, anatsala pang'ono kuwabwezera masupuni atatuwo m'mawa uliwonse kudzera m'phala.

Ku Britain kuli muyeso umene amaika pa mapaketi ndi mitundu ya maloboti a pamsewu, ndipo ndi wosavuta kuusunga m'mutu. Chakudya cha shuga woposa magalamu 22.5 pa magalamu 100 chimapatsidwa mtundu wofiira, cha magalamu 5 kapena kucheperapo chimapatsidwa wobiriwira. Pa muyeso umenewu paketi yobiriwira ija yapyola malire, ndipo inzake ili pakatikati, yosayenera kuitamanda kwambiri.

Mchere unabwera ndi vuto lake. Mapaketi a ku Joni salemba mchere, amalemba "sodium", m'mamiligalamu. Sodiyamu ndi gawo chabe la mchere, ndiye kuti mupeze mchere weniweni muchulukitse nambalayo ndi 2.5. Yobiriwira inali ndi mamiligalamu 180 pa magalamu 100, umene ndi mchere wosakwana theka la galamu. Yofiira inali ndi 400, ndiye galamu imodzi yathunthu. Paketi imene yapambana pa shuga yagonja pa mchere, ndipo yagonja koposa kawiri.

Munthu wa shuga sangaunyozere mchere. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayendera limodzi, ndipo zikagwirizana zimawononga impso, maso ndi mitsempha ya mu ubongo. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 pa 100 alionse anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, umene sukwana n'komwe supuni yaing'ono yodzaza bwino.

Nanga tiika iti patsogolo? Ine ndinaika yofiira, ndipo chifukwa chake n'chowerengeka. Mbale ya magalamu 50 ili ndi mchere theka la galamu, gawo limodzi mwa magawo khumi a tsiku lonse. Umenewo achemwali angaubweze mosavuta pochepetsa wa m'ndiwo za masana. Mchere wambiri pa khomo pawo suchokera m'phala. Uli mu nsomba zouma zothira mchere, m'timabuloko tokometsera ndiwo, mu soda wa m'therere amene nayenso ndi sodiyamu, ndi m'kambale kaja koika pambali pa nyama. Koma shuga wa m'phala lobiriwira sangabwezedwe masana, amalowa m'magazi m'mawa womwewo. Komanso yofiira inali ndi gaga wambiri, magalamu 13 pamene inzake inali ndi 4, ndipo gaga amachedwetsa chakudya kusanduka shuga. Akanakhala kuti adokotala anawauza kuti impso zayamba kufooka, ndikanauza mnyamatayo kuti asagule chilichonse mpaka zithunzizo zitaonedwa ku kiliniki kwawo.

Yachiwiri inali yobiriwira, koma pongotsata kawerengedwe, chifukwa ndinamuuza kuti asaitumize n'komwe. Ndinamuuzanso kuti ngati akufunitsitsa kutumiza phala, afunefune paketi ya otsi imene mndandanda wake uli ndi chinthu chimodzi chokha, yopanda shuga ndi mchere woonjezera.

Apa ndilowe m'nkhani yanga yakale, imene owerenga danga lino anaizolowera. Ife a ku Mzimba tafika poganiza kuti chilichonse chotsika m'galimoto ya ku Joni n'chabwino kuposa cha m'munda mwathu. Mayi wodwala amakankhira pambali phala la mawere lothira nsinjiro, n'kumadya ufa wotsekemera wa m'katoni chifukwa wachokera kutali ndipo anagula ndi mwana wake. Pa Jenda pali tomato, anyezi, kabichi ndi nyemba zodzaza m'mphepete mwa msewu wa M1, zakudya zimene munthu wa shuga amauzidwa kuti azidya, koma ife timadutsa n'kukagula mabisiketi a mlendo. Simungatsutse kuti ndi mmene tikuchitira.

Sindikunena kuti zakwathu zilibe malire. Mgaiwa ndi mawere nazonso ndi sitachi, ndipo sitachi yonse imasanduka shuga m'thupi, kaya yachokera ku chigayo cha pa Embangweni kaya ku fakitale. N'chifukwa chake pa tebulo lija mzere wa "carbohydrate" nawo ndi wofunika kuuona: yobiriwira inali ndi magalamu 78, yofiira 65. Ngakhale paketi yopanda shuga woonjezera, munthu akaidya mbale yodzaza, shuga wake akwera ndithu. Chimene chimaweruza mlandu pomaliza ndi kamakina koyezera shuga. Achemwali akayeza asanadye phalalo, n'kuyezanso patatha maola awiri, adzadziwa zimene paketi singawauze, ndipo manambalawo akapite nawo ku kiliniki tsiku lokatenga mankhwala. Asachepetse chakudya mwadzidzidzi paokha, chifukwa mapiritsi ena a shuga, monga gilibenkilamaidi, amatsitsa shuga mopyola muyeso munthu akadumpha chakudya, n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zonsezi zalembedwa m'Chingerezi, m'zilembo zimene munthu wa zaka 60 sangazione, pamene matenda a shuga omwewo amawononganso maso. Wodwala amene uthengawo ukumukhudza ndiye woyamba kulephera kuuwerenga. Dziko la South Africa linakhazikitsa malamulo ochepetsa mchere m'buledi, m'phala ndi m'zakudya zina za m'fakitale, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2016. Kwathu kuno tinakwanitsa kuika ayodini mu mchere ndi vitamini A mu shuga, ndiye sitingalephere kulemba kutsogolo kwa paketi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kuti muli masupuni angati a shuga pa magalamu 100 alionse. A Malawi Bureau of Standards, amene chidindo chawo timachiona pa zakudya zathu, ndiwo angayambitse zimenezi, ndipo ayambe ndi phala la m'mapaketi ndi zakumwa zosungunula, zimene zafika kale m'golosale iliyonse kuyambira pa boma mpaka ku Luwerezi.